Pepala Lopinda ndi Mwambo wa Maliro: Mbiri ya Kabuku ka Pulogalamu ya Maliro ndi Umboni Wake pa Chiyankhulo

1. Mau oyamba

Ofufuza mbiri ya ziyankhulo zathu adazolowera kufuna umboni m'mabuku a mishoni, m'nyuzipepala ndi m'mabuku a sukulu. Koma kulinso zolembedwa zina zimene sizidutsa m'manja mwa mkonzi, ndipo mwa izo muli kabuku kamene amagawa pa maliro, kamene anthu amangokatchula kuti pulogalamu. Kunja kwake kumakhala chithunzi cha malemu, ndipo m'kati mumakhala ndondomeko ya mwambo, mbiri ya malemu, nyimbo ndi mau othokoza. Kabukuka kafala m'mizinda ya chigawo chonse chino cha Afirika, ndipo m'Malaŵi timakaona makamaka pa maliro a m'tauni ndi a anthu amene thupi lao lachokera kutali.

Mfundo ya nkhani ino ndi imodzi. Kabukuka ndi pepala lopindidwa pakati, ndipo kupindako kuli ndi lamulo lake limene limagamula kuchuluka kwa mau, malo a chiyankhulo chilichonse, ndiponso zimene zichotsedwe malo akachepa. Wofufuza amene sadziwa lamuloli akhoza kunena kuti banja lidasankha chakuti, pamene adasankha ndi makina ndi pepala. Tiona kumene kabukuka kadachokera, makina amene adakaumba, lamulo la kupinda, ndipo kenaka titsata chitsanzo chimodzi kufikira kumapeto. M'nkhani yonseyi mau akuti "pepala" akutanthauza chipepala chathunthu chisanapindidwe, ndipo "tsamba" ndi mbali imodzi imene munthu amawerenga kabuku katapindidwa.

2. Mizu itatu

Muzu woyamba ndi mwambo wa pakamwa. Pakati pa Achewa maliro sadakhalepo opanda ndondomeko. Uthenga umayamba wafika kwa mfumu, ndipo mfumu ndiyo imaloleza kuti maliro alengezedwe ndi kupereka malo kumanda. Adzukulu amakumba manda ndi kunyamula thupi. Mwini mbumba, amene kawirikawiri amakhala malume, amayankhula m'malo mwa banja, ndipo a kuchimuna ndi a kuchikazi amadziwa nthawi yao. Zonsezi zidali m'mitu mwa akuluakulu, ndipo panalibe chifukwa chozilembera poti onse obwera pa siwa adali kuzidziwa.

Muzu wachiwiri ndi buku la mpingo. Amishoni adadza ndi mwambo wa mapemphero wolembedwa, ndipo adadzanso ndi makina osindikizira. Chikhosa chidasindikizidwa koyamba ku Tyhume mu 1823, makina a Robert Moffat adafika ku Kuruman mu 1831, ndipo a ku Morija m'dziko la Lesotho adayamba mu 1861. Kuno kwathu mishoni za Livingstonia ndi Blantyre, zimene zidakhazikitsidwa mu 1875 ndi 1876, zidakhala ndi makina aoao, chimodzimodzinso Likoma ndi Nkhoma. M'nyumba zimenezi ndimo mudakhazikika kalembedwe ka nyimbo ndi mapemphero. Komabe buku la nyimbo silidali pulogalamu. Lidali buku limodzi lotumikira maliro onse, lopanda dzina la munthu.

Muzu wachitatu ndi khadi la chikumbutso la ku Ulaya. Ku Mangalande m'zaka za m'ma 1800 mabanja ankasindikiza makhadi a m'mbali mwakuda okhala ndi dzina la womwalira, zaka zake ndi malo a manda. Akatolika a ku Holande ndi ku Belgium adali ndi timapepala topempha anthu kuti apempherere mzimu wa wakutiwakuti. Apa ndi pamene padachokera ganizo lakuti munthu mmodzi ayenera pepala lakelake losungidwa. Anthu akuda a ku Amereka adalikuza ganizoli kufikira lidasanduka kabuku kokhala ndi mbiri ya moyo ndi zithunzi, ndipo masiku ano malaibulale ena, monga ya mumzinda wa Augusta ku Georgia, amasunga timabukuti ngati chuma cha mbiri ya mabanja.

Pulogalamu imene tikuidziwa ndi mphambano ya mizu itatuyi. Ndondomeko ya oyankhula idachokera kumudzi, nyimbo ndi Mau zidachokera ku buku la mpingo, ndipo chikuto cha dzina ndi chithunzi chidachokera ku khadi. Chidalumikiza zitatuzi ndi moyo wa m'tauni, kumene pa maliro amodzi pamakumana anthu a mitundu, mipingo ndi ziyankhulo zosiyana, osadziwana ndiponso osadziwa mwambo wa eni maliro.

3. Nthawi ndi makina

Kabuku ka maliro kamasiyana ndi mabuku ena onse pa chinthu chimodzi: tsiku lake silisunthika. Kumudzi, kumene kulibe nyumba ya chisoni yosungirako thupi, maliro amaikidwa mawa lake kapena mkuja, ndipo nthawi yosindikiza siipezeka. M'mizinda ya South Africa ndi Lesotho, kumene adazolowera kusunga thupi kwa sabata kapena kupitirira ndi kuika maliro Loweruka, nthawi ilipo, ndipo n'chifukwa china chimene pulogalamu idazikira mizu msanga kumeneko. Kumenekonso pepala la pa maliro lidafika pokhala nkhani ya ndale. Pakutha pa Julaye 1985, boma la tsankho litalengeza lamulo la nyengo ya chipwirikiti, lidaika malire pa maliro a anthu ophedwa pa zipolowe, ndipo mwa zoletsedwazo mudali kuonetsa mbendera ndi zikwangwani komanso kugawa timapepala. Choncho mbiri ya kabukuka ndi mbiri ya mpikisano wa pakati pa makina ndi tsiku la kumanda, ndipo tikhoza kuigawa m'nyengo zitatu.

Nyengo yoyamba ndi ya zilembo za mtovu. Wosanja zilembo ankatola chilembo chimodzichimodzi m'kabati, nazimanga m'chimango cha chitsulo. Mau ochepa ankatheka m'tsiku limodzi, koma chithunzi chinkafuna kuti chiyambe chasandutsidwa timadontho ndi kuzokotedwa pa kachitsulo kosalala, ntchito ya amisiri apadera amene sankapezeka m'nyumba iliyonse yosindikizira. Zotuluka m'nyengo imeneyi tsono zidali za anthu ochepa otchuka, ndipo nthawi zambiri zidali za mau okhaokha.

Nyengo yachiwiri ndi ya sitensulo. Makina a mtundu umene David Gestetner adayambitsa m'zaka za m'ma 1880 adafika m'maofesi a mipingo, a sukulu ndi a boma, kotero kuti kalaliki wamba adatha kutulutsa mapepala 200 madzulo amodzi. Ankachotsa liboni pa tayipi kuti zilembo ziboole sitensulo, naikoloweka pa makina, napukusa. Koma sitensulo idapangidwira pepala la fulusikapu loimirira, la mainchesi 8 m'lifupi ndi 13 m'litali. Kuti patuluke kabuku kopinda, mau ankayenera kutayipidwa chopingasa, masamba awiri moyandikana, ndipo zimenezi zinkafuna tayipi ya ngolo yaitali kapena kudula sitensulo ndi kuimatanso. Ambiri ankalewa vutoli pongotulutsa pepala limodzi losapinda. Sitensulo yotayipa sinkatenganso chithunzi. Tayipi zambiri zidalibe kachipewa ka pamwamba pa ŵ, choncho wotayipa ankakajambula ndi dzanja kapena kungokasiya. Wofufuza asafulumire kunena kuti wolemba wa nyengo imeneyi adakana chilembochi. Mwina adachikana ndi makina.

Nyengo yachitatu ndi ya fotokope ndi kompyuta. Makina a Xerox 914 adatuluka mu 1959, ndipo pulogalamu ya pa kompyuta yosanjira masamba ya PageMaker idatuluka mu 1985, koma m'mizinda yathu zipangizozi zidafika m'manja mwa anthu wamba mochedwerapo, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pamene timashopu totayipa ndi kupanga fotokope tidachuluka. Apa ndi pamene chithunzi chidakwera pa chikuto cha munthu wamba. Poyamba ankamata chithunzi chenicheni pa pepala loyamba ndi kupanga fotokope. Makina akale a fotokope sankatha kuonetsa mitundu ya pakati pa kuyera ndi kuda, kotero nkhope ya munthu wakuda inkatuluka ngati chibanthu cha inki, maso ndi kolala zokha zikuoneka. Pulogalamu ya nkhope yotere, yokhala ndi kamzere ka mthunzi kuzungulira chithunzi, imadziulula yokha kuti idapangidwa pomata.

4. Lamulo la kupinda

Pepala limene lidalowa m'malo mwa fulusikapu ndi A4. Muyeso wake udachokera ku Jeremani mu 1922, ndipo udavomerezedwa kukhala wa maiko onse mu 1975. Ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Likapindidwa pakati limapereka A5, wa mamilimita 148 ndi 210, ndipo umenewu ndiwo msinkhu wa mapulogalamu ambiri. Pepala limodzi lopindidwa limabala masamba 4, awiri kunja ndi awiri m'kati. Mapepala akalowetsedwa lina m'kati mwa linzake ndi kumangidwa ndi sitepulo popindapo, masamba amakhala 4, 8, 12, 16, ndi kumangopita choncho. Kabuku kotere ka masamba 6 kapena 10 kulibe, pokhapokha wina atalowetsamo kapepala kapadera kosamangidwa.

Masamba amene amayandikana pa pepala lotambasula si amene amayandikana powerenga. M'kabuku ka masamba 8, pepala lakunja limanyamula tsamba 8 kumanzere ndi 1 kumanja, ndipo kuseri kwake kumakhala 2 ndi 7. Pepala lam'kati limanyamula 6 ndi 3, ndipo kuseri kwake 4 ndi 5. Tikaphatikiza manambala awiri aliwonse oyandikana tipeza 9, ndiye kuti chiwerengero cha masamba onse kuonjezapo 1. Tsamba la nambala yogawika ndi 2 limakhala kumanzere nthawi zonse.

Lamuloli lili ndi phindu lalikulu kwa wosunga zakale. Timabukuti timafika m'manja mwathu titathothoka, sitepulo itachita dzimbiri. Munthu akapeza pepala limodzi lokhala ndi tsamba 10 ndi 3 mbali imodzi, aphatikize: 13. Kabukuko kadali ka masamba 12, mapepala 3, ndipo limene wagwiralo ndi lachiwiri. Lakunja la chikuto ndi lam'kati la masamba 5 mpaka 8 atayika. Ngati manambala sadalembedwe, mabowo a sitepulo ndi mbali imene pepala lidapindikira zimasonyezabe kunja ndi m'kati. Pa chifukwa chomwechi, wojambula kabuku kotere kuti akasunge pa kompyuta asakatambasule ndi kujambula pepala lililonse lathunthu, chifukwa wodzawerenga adzaona mbiri ya malemu itagundana ndi nyimbo ya kumanda, nadzaganiza kuti umo ndimo mwambo udayendera.

5. Chitsanzo

Tiyerekeze maliro a mayi wina, mphunzitsi wopuma pa ntchito, wa mpingo wa CCAP, amene wamwalira ku chipatala mu Lilongwe Lachiwiri ndipo akaikidwa kwao ku Dedza Lachisanu. Thupi linyamuka Lachinayi masana, choncho pulogalamu iyenera kukhala itatuluka Lachinayi m'mawa. Komiti ya maliro yagwirizana zosindikiza timabuku 150. Lachitatu mwana wa malemu apita ku shopu ndi zinthu izi: chithunzi cha pa chikuto, ndondomeko ya mwambo ya masamba awiri, mbiri ya malemu imene mnzao wa kuntchito walemba m'Chingerezi tsamba limodzi ndi theka, mbiri yomweyo m'Chichewa imene malume apempha, nyimbo zitatu, zithunzi zisanu ndi chimodzi za banja, ndi mau othokoza.

Wotayipa akasanja zonsezi apeza masamba 10: chikuto 1, ndondomeko 2, mbiri m'ziyankhulo ziwiri 3, nyimbo 2, zithunzi 1, kuthokoza 1. Koma 10 sagawika ndi 4. Njira zilipo ziwiri, kutsika pa 8 kapena kukwera pa 12. Masamba 8 afuna mapepala 2 pa kabuku, ndiye kuti 300 onse pamodzi. Masamba 12 afuna 450, pafupifupi limu yathunthu ya mapepala 500, ndipo mtengo wosindikiza ukwera ndi theka. Banja limene likugulanso bokosi, chakudya ndi mafuta a galimoto lisankha 8. Masamba awiri ayenera kuchoka.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya chiyankhulo. Chikuto sichingachoke, ndondomeko siingachoke, ndipo zithunzi banja silingalole. Otsala ndi mbiri ndi nyimbo. Poti mbiri ili pawiri, imodzi ichotsedwa, ndipo poti ya Chingerezi yafika yotayipa kale pa foni pamene ya Chichewa ili pamanja, wotayipa wopanikizidwa ndi nthawi atenga yotayipa kale ndi kuichepetsa kuti ikwane tsamba limodzi. Akuluakulu atonthozedwa ndi mau akuti ya Chichewa idzanenedwa pakamwa, ndipo idzanenedwadi. Pamenepo masamba awiri apulumuka, ndipo kabuku kaima motere: 1 chikuto, 2 mbiri, 3 zithunzi, 4 ndi 5 ndondomeko, 6 ndi 7 nyimbo, 8 kuthokoza. Nyimbo yachitatu ikasefukira, aidula ndime za pakati ndi kusiya yoyamba ndi yotsiriza.

Si mwangozi kuti ndondomeko yakhala pa 4 ndi 5. Pa masamba onse oyang'anana, awiri apakati okha ndiwo ali mbali imodzi ya pepala limodzi. Kabuku kamatseguka kokha pamenepo, ndipo mzere kapena chithunzi chikhoza kuoloka popinda osaduka. Masamba 2 ndi 3 amayang'anana m'maso mwa wowerenga, koma ali pa mapepala osiyana. Chithunzi cha banja choyalidwa pa awiriwo chimatuluka mbali ina itakwera pang'ono, nkhope ya woima pakati itang'ambika.

Zolakwika zina zimazindikirika msanga. Mu pulogalamu yolembera ya Word, kusankha `Book fold` kumasanja masamba m'dongosolo la kupinda. Wosadziwa zimenezi amangoika masamba awiriawiri motsatana, 1 ndi 2, 3 ndi 4, ndipo akapinda apeza tsamba 2 lili kutsogolo, chikuto chili kumbuyo. Posindikiza mbali zonse ziwiri ayenera kusankha `Flip on short edge`. Akasankha mbali yaitali, masamba a kuseri amatuluka chadodolido. Osindikiza ozindikira amayamba atenga mapepala awiri opanda kanthu, kuwapinda, kulemba manambala 1 mpaka 8 ndi cholembera, ndi kuwatambasula kuti aone malo a tsamba lililonse, kenaka amasindikiza kabuku kamodzi koyesera asanatulutse 150. Za chithunzi, chikuto chodzaza tsamba la A5 chimafuna timadontho pafupifupi 1,750 m'lifupi ndi 2,480 m'litali kuti chioneke bwino. Chithunzi chodulidwa pa gulu la anthu a pa ukwati, chimene chadutsanso pa mafoni angapo, sichifika pamenepo, ndipo nkhope imaoneka ya timabokosi.

Tsono wofufuza wodzapeza kabukuka patapita zaka adzaona mbiri ya m'Chingerezi chokha, nadzalemba kuti banjali lidataya Chichewa pa nkhani za moyo wa munthu, nkuchisiyira nyimbo zokha. Adzakhala atalakwa. Mbiri ya Chichewa idalembedwa ndipo idamveka pa bwalo. Idagwa pa mpata wa pakati pa 8 ndi 12. Zizindikiro za kupanikizika kotere zimaoneka: zilembo za tsamba limodzi zochepa kuposa za masamba ena, nyimbo zoduka ndime, mphepete zopyapyala. Zizindikiro za kukwera pa 12 nazo zimaoneka: tsamba lopanda kanthu, chithunzi chobwerezedwa, vesi la zilembo zikuluzikulu lodzaza tsamba lonse. Mu kabuku kotereka malo adalipo, ndipo ngati Chichewa mulibe, pamenepo mpomveka kunena kuti eni ake adasankha.

6. Misinkhu itatu ya Chichewa m'kabuku kamodzi

Tikatha kusiyanitsa za makina ndi za anthu, kabukuka kamatipatsa chinthu chosowa: Chichewa cha mibadwo yosiyana pa pepala limodzi. Msinkhu wakale kwambiri uli m'nyimbo ndi m'mavesi, poti wotayipa amakopera buku limene wapatsidwa. Ngati ndi Buku Lopatulika la kalembedwe ka 1922 kapena buku lakale la Nyimbo za Mulungu, tidzaona c m'malo mwa ch, bv ndi pf m'malo mwa v ndi f, ndiponso "nchito" ndi "wace" pamene lero timalemba "ntchito" ndi "wake". Ngati vesi lachokera mu Buku Loyera la 1998, kalembedwe ndi mau omwe zidzasiyana. Kusakaniza kwa ziwirizi m'ndime imodzi kumasonyeza wotayipa amene ankakopera buku lakale koma dzanja lake likukokera ku zimene adaphunzira ku sukulu. Chichewa chidakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, Bungwe la Chichewa lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo malamulo ake a kalembedwe adatuluka mu 1973, 1980 ndi 1990. Koma tichenjere ndi chilembo c. Ku Zambia kalembedwe kovomerezeka ka 1977 kadasunga c, ndipo Chinyanja cha ku Mozambique nacho chimalembedwa ndi c. Pulogalamu ya ku Chipata yolemba "cifukwa" siyakale ayi, ikutsata lamulo la kwao.

Msinkhu wachiwiri uli m'mbiri ya malemu, pamene yalembedwa m'Chichewa. Imatsata njira imodzi: kubadwa, sukulu, ubatizo, ukwati, ntchito, matenda, ndi chiwerengero cha ana ndi zidzukulu. Muli mau aulemu amene sapezeka kawirikawiri m'zolembedwa zina, monga "malemu", "atisiya" ndi "atsikira kulichete". Mulinso umboni wa nkhani yakale ija ya "adabadwa" ndi "anabadwa", poti wolemba mbiri sakonzedwa ndi mkonzi aliyense.

Msinkhu wachitatu uli m'ndondomeko, ndipo uwu ndi mwambo wa pakamwa utaikidwa m'mizere. Timapezamo kuona nkhope, mau a woimira banja, a kuntchito, a mfumu, kulengeza chipepeso, kupereka mwambo m'manja mwa mpingo, nyimbo za amayi a Chigwirizano kapena a Mvano, ulaliki, ulendo wa kumanda ndi kuyala nkhata. Pano ndi pamene kumasulira kumapweteka. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lotchulira malume ndi bambo aang'ono omwe, chonsecho pa maliro a Achewa awiriwa sali pamalo amodzi, poti mwini mbumba ndi malume. Ndondomeko ya m'Chingerezi imafafaniza kusiyanaku. Liwu lakuti "adzukulu" nalo lili pawiri, ana a ana a malemu ndiponso okumba manda. Mzere wonena za adzukulu pa kuyala nkhata ukunena za oyambawo, pamene wa m'mau othokoza kawirikawiri ukunena za achiwiriwo, ndipo womasulira wosadziwa mwambo amawasokoneza.

Kuchepa kwa tsamba la A5 kumasiyanso chipsera chake. Tikachotsa mphepete, mzere umatsala wa mamilimita pafupifupi 120, ndipo nyimbo zikaikidwa m'mizati iwiri umatsala theka lake. Mau a Chichewa ndi aatali, poti mneni amanyamula mwininkhani, nthawi ndi pamtherankhani m'liwu limodzi. Kompyuta yotcheredwa ku Chingerezi imadula mau motsata chiyankhulo chimenecho, nkutulutsa "mbum-ba" ndi "ad-zukulu", pamene phatikizo la Chichewa limathera pa lawale: "mbu-mba", "a-dzu-ku-lu". Kudula kotere si umboni wa katchulidwe ka wolemba. Ndi umboni wakuti makinawo sadauzidwe chiyankhulo chimene akulemba.

7. Mau otsiriza

Umboni wa kabukuka uli ndi malire atatu oyenera kuwakumbukira. Choyamba, pulogalamu imasindikizidwa mwambo usanachitike, kotero imanena zimene komiti idakonza, osati zimene zidachitika. Mfumu ikhoza kusintha oyankhula, mvula ikhoza kudula nyimbo. Chachiwiri, olemba ake ndi ambiri: banja, mbusa, mnzao wa kuntchito ndi wotayipa wa pa shopu, amene mwina adangotsegula pulogalamu ya maliro a dzulo ndi kusintha maina. Mau ofanana m'timabuku ta mumzinda umodzi akhoza kukhala chizolowezi cha shopu imodzi, osati cha anthu a mumzindawo. Chachitatu, timabukuti timaimira mabanja amene adali ndi nthawi ndi ndalama, ndipo maliro ambiri a kumudzi amayendabe ndi ndondomeko ya pakamwa yokha.

Wosonkhanitsa timabukuti tsono alembe, pambali pa dzina la dera ndi chaka, zinthu zinayi: msinkhu wa pepala, chiwerengero cha masamba, mtundu wa makina, ndi chiyankhulo cha tsamba lililonse palokha. Apemphe chilolezo kwa eni ake, poti muli maina ndi nkhope za anthu amoyo. Ndipo asanagamule chifukwa chimene chiyankhulo china chasowera pa tsamba lakutilakuti, ayambe wawerenga masamba, agawe ndi 4, aone ngati malo adalipo.